Pepala la pakhoma ndi soketi yathu

Pepala lija ndinalemba ndine, ndipo mpaka lero limandiwawa.

Ndinali kalaliki pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi. Mu ofesi tinalimo awiri, ine ndi mtsikana wina wochokera kutauni, ndipo kompyuta inali imodzi. Kukomboni kwathu kunalibe magetsi, ndiye mafoni onse ankabwera ku ofesi. Loweruka masana amayi anga, amene ankasesa mmenemo, ankazula pulagi pasoketi ya kuseri kwa kabati n'kulumikiza mafoni a anthu. Pulagiyo inali ya kabokosi kosunga moto ka kompyuta. Kankalira tii, tii, mpaka batire kutha. Akaiwala kubwezera, Lolemba mtsikana uja ankangofuula kuti, “Yafa!” n'kuimbira wokonza.

Wokonzayo anabwera katatu. Ulendo wachitatu anafika ali mbuu ndi fumbi, n'kugwada, n'kubaya pulagi, kompyuta n'kuyaka. Sanandiulule kwa amanijala, koma anandiyang'ana motopa.

“Mdhara, lembani pepala,” anatero. “Msewu wanuwu wanditha.”

Ndinalemba zimene anandiuza. Kompyuta ikakana kuyaka, musanaimbe foni: onani ngati magetsi alipo poyatsa babu. Onani ngati pulagi ili pakhoma ndipo switchi ndi yoyatsa. Onani kanyali ka pa kabokosi kosunga moto. Kankhani zingwe zonse kumbuyo kwa kompyuta ndi kwa sikirini. Onani ngati sikiriniyo yayatsidwa payokha. Amanijala atawerenga anawonjezera mzere wawo: mukapeza vuto, mundiuze chimene chachititsa.

Mzere umenewo ndinautayipa ndi zala zangazi. Ndinadziwa kuti soketi yathu ili pamoto, koma ndikanakana bwanji? Ndinachenjeza amayi. Anati, “Ndamva, mwanawe.” Koma munthu wosesa zipinda zisanu, nyengo yosankha fodya, miyendo itatupa, angakumbukire pulagi?

Panapita milungu itatu. Lolemba lina ndinachedwa kushedi. Kompyuta itakana kuyaka, mtsikana uja, osalakwa kanthu, anatsata pepala mzere ndi mzere. Atasuntha kabati anapeza mafoni asanu ndi awiri ali ndandanda ngati anapiye, ina yomangidwa ndi mphira. Yomangidwayo inali ya amayi, imene ankalankhulirapo ndi mchemwali wanga wa ku Joni.

Amanijala atauzidwa, sanakalipe n'komwe. Bola akanakalipa! Anangoitana kalipentala, soketi n'kuikhomera kabokosi kathabwa ndi loko, kiyi m'thumba mwawo. Wokonza uja sitinamuonenso, ndipo amanijala anandiyamikira pamaso pa anthu kuti pepala langa lagwira ntchito. Ine ndinangoti zikomo bwana, mtima uli zii.

Madzulo ndinapeza amayi atakhala pakhonde, akudina foni yozima. Anthu a mukomboni ankadutsa osandipatsa moni.

“Iwe wodziwa kulemba,” anatero amayi osandiyang'ana, “foni ikafa, mwana wako ali kutali, umayamba kuona chiyani?”

Ndinakhala pansi n'kuyamba kumasula nsapato.