Dzina langa ndine Matalala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene amatidziwa mayina tonse, ngakhale mayina otopetsa ngati langali.

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Dzombe, ndimamva fungo la fodya wa labu ndi la dothi lonyowa la m'dimba la kachewere ku Kaphuka. Iwo anabadwa chaka chimene dzombe linadya minda, ndipo ankati mwana aliyense azisenza tsiku lake. Mchombo wa khanda ukagwa, mayi n'kutuluka m'chikuta, agogo ankafika ndi nkhuku ya mphatso, dzina lili kale pakamwa. Wobadwa pokolola anali Masika, wobadwa tsiku lopemphera Sabata, wobadwa anthu ali kumanda Maliro. Ine ndinabadwa masana amene matalala anasasantha mbewu zonse.

Dzinali linkandinyansa. Anzanga ankati akandiona amafuula kuti, "Thawani, akugwa!" Amayi anayesapo kuwawerengera agogo za Rakele, amene anatcha mwana wake Benoni ali pa ululu, Yakobo n'kusintha kuti Benjamini.

"Yakobo anali ndi alembi," anatero agogo. "Ife tilembe pati?"

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, agogo anandiperekeza kukalembetsa. Ndinali wochepa thupi chifukwa cha njala ija ya chimanga chachikasu, ndipo khadi langa la kusikelo linadyedwa ndi chiswe. Aphunzitsi anandiuza kuti ndidutsitse mkono pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Sindinalifikire.

"Sanakwane zaka zisanu ndi chimodzi uyu. Abwere chaka chamawa."

"Aphunzitsi, mwafunsa mkono. Dzina mwalifunsa?"

"Dzina lithandiza chiyani, gogo?"

"Tanena dzina lako, iwe," anatero agogo kwa ine.

Ndinanong'ona, anzanga pamzere akuseka kale.

"Kweza mawu! Unaba dzinalo?"

"Matalala."

"Eya. Matalala amene anaswa magalasi a chipinda icho anagwa liti?"

Aphunzitsi anatembenuka kuyang'ana mazenera otsekedwa ndi makatoni. "Chaka chimene ndinafika kuno."

Agogo anayamba kupinda zala, kutchula ana obadwa pambuyo panga: chaka chotsatira Masika, kenako Sabata, kenako Maliro, kenako Njala, kenako Matipate, mwana wa amalume wobadwa tsiku la voti ya nyali ndi tambala. "Ndi chaka chino, zingati?"

Aphunzitsi anatenga cholembera. Ndinakoka agogo malaya, n'kuwapempha kuti poti ndalowa, andilembetse kuti Chisomo.

"Lakuolotsa mtsinje, ndiye ulitaye? Lembani Matalala."

Ndinalira njira yonse, iwo akuimba mluzu.

Mpaka lero kuchipatala kumene ndimagwira ntchito odwala amafunsa dzina langa kawiri, ndipo ndimawadandaulabe agogo mumtima. Koma paubatizo, abusa atandifunsa ngati ndikufuna dzina latsopano, ndinakumbukira Samueli akuimika mwala n'kuutcha Ebenezeri, mwala wokumbutsa thandizo la Mulungu, ndipo ndinapukusa mutu.

Ambuye akudalitseni nonse, a Mavuto, a Maliro ndi a Njala omwe, ndipo mayina anu akapezeke m'buku la moyo. Amen.