Nambala imene ndinakana kupereka

Kalata ija inatipeza titatsegula kumene loja yathu, sitolo ya mbewu ndi feteleza, ku Domwe. Abwana, eni loja, anailemba atapsa mtima, chifukwa mmodzi wa ife anaika pulogalamu ya ngongole mu foni ya ntchito. Pulogalamuyo inapempha kuona manambala onse, iye n'kuvomera osaganiza. Atachedwa kubweza, alimi athu anayamba kulandira mauthenga omunyoza.

Ndiye abwana analemba kuti mafoni amene anatipatsa ndi a loja, osati athu. Osaikamo pulogalamu iliyonse iwo asanalole. Zithunzi za ana athu tizisunga kwina, chifukwa wosiya ntchito adzabweza foni ndipo zonse zidzafufutidwa. Nambala yachinsinsi yotsegulira foni isauzidwe munthu. Nambala ya wogula ndi kumene amakhala zisaperekedwe kwa aliyense, ngakhale m'bale wake, ndipo wogula akapempha kuti nambala yake ichotsedwe, ichotsedwe.

Ndinaseka. Ndinati abwanawa akufuna kukhala ansembe, malamulo ngati a ku misiyoni. Komabe ndinasaina n'kuipinda m'kachikwama, osadziwa kuti ndine amene ndidzaikumbuke kuposa mwini wake.

Panali mayi wina wolima mbatata ya kachewere amene ankagula kwa ife. Mwamuna wake anali mlamu wa abwana, munthu wa dzanja lopepuka pomenya. Mayiyu anabwerapo diso litatupa n'kunena kuti wagundidwa ndi chitseko. Zitseko za kwathu kuno sizimenya mwezi ndi mwezi. Kenako anathawa, nasintha nambala. Nyengo yobzala itayandikira anandiimbira pa foni ya ntchito kuti ndimutumizire feteleza, nandiuza mudzi umene ali.

Sindidziwa amene anaulula. Tsiku lina la msika mwamunayo analowa n'kutsamira pa tebulo ngati lake.

"Mayi, tandipatseni numero ya akazanga. Ndamva mwawatumizira adubu, feteleza wanu uja."

"Pepani bambo, numero ya kliyente, wogula wathu aliyense, sitipereka."

"Kliyente? Ndinapereka ng'ombe zomulowola ine! Mukundidziwa?"

"Ndikukudziwani bwino. N'chifukwa chake."

Anatuluka akutukwana. Posakhalitsa abwana anaimba ali ku Kalomwe kokalandira katundu.

"Apatseni, ndi nkhani ya m'banja imeneyo," anatero.

"Patrau, mu kalata yanu munati ngakhale m'bale," ndinatero, pakuti kwathu kuno bwana timati patrau.

"Kalatayo ndinalemba ndine!"

"Eya, ndipo ndinasaina ndine."

Anati akubwera madzulo kudzatenga foni yawo. Apo anali ndi ufulu, sindikana, foni inali yawo. Koma mkwiyo unaposa mantha. Munthu n'kutilalikira tsamba lathunthu, lero lamulo lasungunuka chifukwa wabwera ndi mlamu?

Ndinapita kuseri kwa matumba n'kuimbira mayi uja. Ndinamuuza zonse, kenako ndinati, "Ine pandekha sindingachotse nambala yanu. Koma mukapempha inu mwini, lamulo likundilola."

Ndinkamva mwana akulira pafupi naye. "Fufutani, achemwali," anatero motsitsa. "Akandipeza andipha."

Ndinachotsa dzina lake, mauthenga athu onse, ndi mndandanda wa amene ndinaimbirana nawo. Manambala a loja ankasungidwanso pa intaneti, m'akaunti ya loja, ndipo ochotsedwa amakhala kaye m'zinyalala za akauntiyo, moti munthu atha kuwabweza. Ndinalowa kumeneko n'kukhuthulanso. M'buku la zogulitsa ndinasiya momwe zinalili: dzina, matumba ndi tsiku. Mudzi sunalembedwemo.

Madzulo abwana anafika ndi mlamu wawo. Ndinapereka foni ndi manja awiri monga ndinaleredwera. Anafufuza, chala chikukwera ndi kutsika, mlamu akusuzumira paphewa.

"Ili kuti?"

"Mwini wake wapempha kuti ichotsedwe." Ndinatulutsa kalata ija n'kuiyala pa tebulo. "Ndime yomaliza, patrau. Madzi akatayika saoleka."

Sanaiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mlamu wawo, nayang'ana pansi, kenako anati mawa ndisabwere. Zinandipweteka, sindinama. Ndinalira njira yonse, pakuti ana anga ankadya za pa loja pomwepo. Koma kupepesa sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Lero ndimagulitsa nyemba pa msika. Ndimamva kuti olowa ntchito pa loja paja amasainabe kalata yomweyo. Mlamu wa abwana uja akadutsa amaima patsogolo pa nyemba zanga n'kundiyang'anitsitsa, ine n'kumufunsa ngati akugula.

Iye akudziwa kuti ndikudziwa kumene mkazi wake ali. Ndinafufuta foni, koma nambala ija ndi dzina la mudzi zikadali m'mutu mwanga. M'menemo mulibe bwana wodzaitanitsa madzulo.