Koleti ya mkamwini pamunda wa kuphiri

Mkamwini wanga anabwera kuno ku Zobwe ndi zinthu zitatu: nsapato zazitsulo kumapazi, koleti, kamalaya kopanda manja kofiirira konyezimira kaja amavala a kumgodi, ndi mimba yozolowera kudya kawiri dzuwa lisanapendeke. Kwawo ndi ku Benga, koma makolo ake anasamutsidwira ku Mualadzi malasha atawadyera minda. Iyeyo ankayendetsa chigalimoto cha malasha ku Moatize, chija tayala lake limodzi limaposa nyumba yanga. Mtengo wa malasha utagwa, kontratu inatha, chigalimoto anasiyira eni ake. Chimene sanasiye ndi mwana wanga wamkazi, amene anadziwana naye akugulitsa mbatata pamsika kumeneko.

Anyungwe kwawo amalowola, n'kutenga mkazi kupita naye. Ife kuno mwamuna ndiye amabwera, ndipo tisanamuonetse malo omangapo nyumba timayamba taona ngati manja ake amadziwa china kupatula kupereka moni. Mayi a kunyumba kwanga anagamula okha mlanduwo, ine ndili pompo ngati mpando.

"Munda wa kuphiri uja," anatero. "Mvula isanagwe ndikadzalemo chimanga. Zikakanika, shapa, minibasi yopita ku Moatize ija, imadutsa tsiku lililonse."

Mundawo tinausiya pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Titabwerako tinalima kudimba ndi kuseri kwa nyumba, uwo tinkangouloza ndi chala. Munali tchire loti mbuzi ikalowamo eni ake ankayamba kuitchula ngati malemu.

Tsono pali mwambo wina umene mnyamatayo sankaudziwa. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana, salankhulana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Tsiku loyamba iye anawatambasulira dzanja ngati akupereka moni kwa shefi, bwana wa kumgodi, mayiwo anathawira kuseri kwa nkhokwe ndi lichero kumaso. Ndiye nkhani zonse za kumunda zinkadutsa mwa ine. Ine ndinasanduka waya.

Mnyamatayo sanali waulesi, zimenezo ndisamunamizire. Ankalawirira ndi chikwanje, n'kubwera thukuta lili kamukamu. Nzeru yake inali yakuti ayambe wadula tchire lonse, akatha azule zitsa zonse, akatha aotche zonse, kenako apange mizere yonse. Pakamwa zinkamveka bwino. Koma akadula kumunsi n'kupeza minga, ankasamukira kumtunda. Kumtunda akapeza mavu, ankapita pakati. Munda unkaoneka ngati mutu wometedwa ndi munthu woledzera.

Madzulo ndinkamufunsa, "Bwanji kumunda, mkamwini?"

"Zikuyenda, bambo."

Ine n'kunyamula mawuwo kupita nawo kukhitchini. "Akuti zikuyenda."

Sabata yotsatira, "Zatsala pang'ono, bambo."

"Akuti zatsala pang'ono."

Mwezi unatha zikuyendabe. Tsiku lina mayiwo anaika chipande pansi. "Abambo inu, zikuyendazo zikupita kuti? Chiyambire kuyenda bwenzi zitafika ku Tete ndi kuwoloka mlatho. Ndionetseni pamene ndingaponye njere imodzi."

Panalibe. Ntchito inali itagwiridwa yambiri, koma yotha inalibe ngakhale pogona galu. Mwana wanga anayamba kuonda. Ndinamupeza akulirira mumtondo, chimanga chikunyowa, ndipo anandiuza kuti amayi ake ayamba kutchulatchula mwana wa katekista, amene ali ndi njinga yamoto.

M'mawa mwake ndinakwera phiri, ine amene mawondo anga amayimba nyimbo ndikamayenda. Ndinamupeza mkamwini atakhala pachitsa, akuyang'ana tchire ngati munthu woyang'ana Zambezi alibe bwato.

"Kodi kumgodi kuja," ndinamufunsa, "ankakuuzani kuti kumbani malasha onse a m'Moatize, mukatha mutiuze?"

Anaseka pang'ono. "Ayi, bambo. M'mawa uliwonse kapitawo ankatipatsa pathu pathu. Pofika madzulo zinkadziwika kuti patha kapena sipanathe."

"Nanga pano kapitawo wako ndani?"

Anayang'ana kumudzi, kumene utsi wa kukhitchini kwa apongozi ake unkakwera.

Ine sukulu ndinalekeza pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza zilembo ndi manambala, koma ganyu ndinamugwira ku Malawi mpaka zikhatho kusanduka chikopa cha ng'ona. Paganyu sakupatsa munda, amakupatsa ndime. Tinadula nsungwi, tinayamba kuzika kuchokera kumunsi, kudula mundawo m'mizere yopingasa phiri. Iye ankafuna ndime zikuluzikulu kuti ziwerengeke zochepa.

"Iyi mpaka pamsuku paja, bambo. Sabata ziwiri ndathana nayo."

"Ya sabata ziwiri si ndime, ndi kamunda kena. Udzayambanso kundiuza kuti zikuyenda. Dula yoti ukaiyamba Lolemba, Lachitatu uziikodzera utaimaliza."

Tinakanganaponso pa mawu akuti kutha. Iye ankati ndime yatha akadula tchire. Ine ndinati ndime yatha pamene zitsa zazulidwa, zinyalala zapsa, mizere yaima, moti mayi uja atabwera ndi mbewu m'nsalu sangapeze chonena. Mwayi wake, zambiri zimene anadula mwezi uja zinali zitauma kale, zongofuna moto.

Chinatsala n'chakuti apongozi adziwa bwanji, poti kufunsa sangafunse, ndipo waya wawo, ineyo, anali atasiya kumukhulupirira. Apa mnyamatayo anaganiza yekha. Anavula koleti ija, naikoleka pansungwi yaitali, naizika pamalire a mmunsi.

"Ndime ikatha, ndiziisunthira kumtunda. Isanathe, siisuntha."

Koleti ija anaipangira kuti woyendetsa chigalimoto akuone uli kutali m'fumbi. Kuchokera pakhonde pathu inkaoneka ngati moto.

Mayiwo anachita ngati sakuiona. Koma mtondo umene unakhala kuseri kwa nyumba chibadwire ana athu unasamukira kumaso, kumene kumaonekera phiri. Lachitatu madzulo ndinamva akuuza nkhuku, "Yasuntha." M'mawa mwake, mkamwini atapita kukatunga madzi, mayiwo anazemba kukayendera ndimeyo, kuponda mzere uliwonse ndi chidendene kufuna chitsa chobisika. Anabwera ndi nkhope ya munthu amene wamanidwa mkangano.

Posakhalitsa mudzi wonse unalowa m'nkhaniyo. Amayi opita kuchigayo ankaima n'kuphimba maso ndi dzanja. Pamalo omwera kachasu anthu ankabetcherana. Ngakhale mwana wa katekista ankachepetsa moto wa njinga yake podutsa, n'kuyang'ana kuphiri ndi nkhope yowawasa.

Kenako koleti inaima. Linadutsa Lachitatu, Lachisanu, Lamulungu, ili pomwepo.

"Abambo inu," anatero mayiwo, "kafunseni ngati mbendera ija yadwala, tiitengere kuchipatala."

Ndinakweranso. M'ndime imeneyo munali chulu, ndipo pachulupo panali zitsa za muwanga zimene mizu yake inkapita kukacheza kwa akufa. Mkamwini anali atathyola mpini wachiwiri.

"Bambo, ndingoisuntha koletiyi. Chuluchi ndidzachibwerera."

"Ukaisuntha mwabodza kamodzi, mawa palibe adzaiyang'ane. Ndimeyi tinaiyeza ndi maso, sitinaone kuti ili ndi fupa. Tiidulenso."

Tinaidula patatu: kumanzere kwa chulu, kumanja kwake, ndi chulu chenichenicho, chimene tinachiika pamapeto pa zonse ndi kuchizinga ndi nsungwi kuti aliyense aone kuti sichinaiwalike. Mbali ziwirizo zinatha msanga, koleti inayambanso kukwera. Ndinakafotokoza kukhitchini za chulucho ndisanafunsidwe.

"Chulu ndachiona kale," anatero. "Ndimadikira ndione ngati munama."

Koma koleti yomweyo inaululanso zimene mkamwini sakanafuna kuti zidziwike. Tsiku lina ndinaona mayiwo atatambasula mkono kuloza kuphiri, diso limodzi atatsinzina, akuyeza ndi zala pamene koleti yadutsa ndi pamene patsala. Kenako anayang'ana mitambo imene inali itayamba kusonkhana cha ku Malawi.

"Samaliza," anatero. "Pakuyenda kumeneku mvula imupeza asanafike pamsuku."

Mwana wanga anagwetsa mbale. Ine ndinayamba kukonza m'mutu mawu okatsanzikira mkamwini. Koma mayiwo analowa m'nyumba, natulutsa chimera, nayamba kuitanitsa miphika ikuluikulu kwa anansi.

"Mukufulula thobwa la chiyani?" ndinafunsa.

"Ndikuitana dima. Osati chifukwa cha munthu wanuyo ayi. Munda ndi wanga."

Kale lonse sakanaitana anthu, chifukwa ukawaitanira tchire lopanda mutu amangomwa thobwa n'kumakanda apa ndi apo. Tsopano nsungwi zinali zozikazika, banja lililonse linatenga ndime yake, ndipo ankanyozana kuti ya ndani itsalire. Ine ndinagwira ntchito yolemetsa kuposa onse, yolawa thobwa ngati lapsa.

Mvula inabwerabe msanga, yosapempha odi. Inapeza ndime ziwiri za pamwamba ndi chulu chija zisanathe. Mkamwini anatsika phiri atanyowa ngati nkhuku, nalowa m'kanyumba kamene tinamubwereka, ndipo ndinamva akukoka chikwama pansi pa bedi. Pangano linali munda wonse, iye ankadziwa.

Kutacha mayiwo anatenga mbewu ndi mwana wawo kupita kuphiri. Kuyambira mmunsi mpaka kupitirira msuku, paliponse panali pongoponya njere ndi kukwirira. Mkamwini akanatsata nzeru yake yoyamba ija, mvula ikanapeza tchire lodula munda wonse, popanda mzere ndi umodzi womwe. Mayi ndi mwana anadzala mpaka dzuwa kupendeka.

Pobwera anapeza mkamwini atakhala pakhomo ndi chikwama chake, nsapato zazitsulo atavala. Iye anadzambatuka kuti athawire kuseri, koma mayiwo anamufulatira, nayang'ana galu wathu amene anali gone pakhonde.

"Galu iwe," anatero mokweza, "ukawauze eni ake a koleti kuti malo omangapo nyumba ndi paja pali mango awiri. Ukawauzenso kuti chulu chija ndikuchiwerengabe. Ndipo nyumbayo asati azindiuza kuti ikuyenda."

Galu anayasamula. Mkamwini anagwada m'matope n'kuyamba kuwomba m'manja kuthokoza galuyo, mwana wanga akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Chulu anachigonjetsa chilimwe chotsatira, chitsa chimodzi chimodzi. Nyumba anaimanga momwemo: njerwa, maziko, khoma ili, khoma ilo, denga. Lero ali ndi ana atatu, ndipo apongozi ake amamusungira chiwindi cha nkhuku chimene kale chinali changa.

Koleti sinabwerere kwa mwini wake. Kuseri kwa nyumba yathu kuli malo a khola la nkhumba limene ndakhala ndikulilingalira mozama kwa zaka zingapo, chifukwa khola labwino silifuna phuma. Tsiku lina ndinadzuka n'kupeza nsungwi zitazikidwa kuzungulira pamalopo, koleti ikupepeluka pa yoyamba, mtondo utasamukiranso kuseri.

"Lachitatu," anatero mayiwo, osandiyang'ana n'komwe, "ndione maenje a nsichi."