Vaneti Yopanda Akufa Ake

Amuna anga anali dalaivala wa kampani ina yonyamula katundu, ndipo atapuma ntchito tinagwirizana chinthu chimodzi: kugula vaneti, kulongezamo ana, mipando ndi makina anga osokera, n'kubwerera kwathu ku Katete, komwe akanamanyamulira anthu mtedza ndi thonje. Ine komboni yathu ya Kanyama, mu Lusaka, ndinali nditatopa nayo. Pansi pake ndi mwala, madzi a mvula salowa. Amaima pakhomo, zimbudzi n'kusefukira, ife n'kumadumpha pa zidina ngati achule mpaka mvula itatha. Malowo ndinkadana nawo ndipo sindinkabisa.

Kogulitsa magalimoto m'tauni anapeza mavaneti awiri a mtundu umodzi, onse osayendapo. Ina inali ya kapangidwe kakale, m'chaka chake chomaliza, giya pachiwongolero, nkhope yomwe ija tinkaiona mumsewu uliwonse. Anali ataitsitsako mtengo kuti ichoke. Inayo inali ya kapangidwe katsopano, chaka choyamba: injini ina, giya pansi, kumbuyo kotakasuka. Bambowo sanali munthu wotengeka ndi utoto. Anaganiza sabata yathunthu, kudya komwe akuiwala.

"Yakale baleka kupanga," anandiuza. "Manje ngati baleka, masipeya bazapangila ndani? Tizankhala kumunzi na motoka ilibe visulo."

Ndinaona kuti ndi zanzeru. Mpaka lero ndimati zinali zanzeru, kungoti nzeru za ku kampani, kumene chitsulo chikatha umapita kusitolo ya kampaniyo n'kukatenga china.

Tsiku lomwe vanetiyo inafika, Kanyama yonse inabwera kudzaigwira. Tinatumiza uthenga kumudzi kuti tikubwera ikangotha mvula, ana akatseka sukulu. Podikira, bambowo ankanyamula makabichi ndi tomato wa amayi a pamsika.

Mvula isanathe, pampu ya madzi inayamba kulira ndi kudontha. Tsiku lina atasenza matumba pamsewu wa ku Mumbwa, pampuyo inatayiratu madzi, injini inatentha, ndipo hedi, chivundikiro chija cha pamwamba pa injini, inang'ambika. Anaikoka ndi chingwe mpaka pakhomo. Ogulitsa aja sanakane mlandu. Anati pampu imeneyo yavuta pa mavaneti ambiri a chaka choyamba, opanga akudziwa, zitsulo zili m'njira. Koma zinali zaka zija mkuwa unagwa mtengo, ndalama zakunja zikusowa, ife tikuima pamzere wa sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja. Dziko losowa mchere likanathamangira hedi ya amuna anga?

"Vili m'njila." Mawu amenewa ndinawamva mpaka ana anayamba kuwanena ndikawafunsa za madzi omwe ndawatuma.

Zitsulo zinafikadi patapita chaka ndi miyezi. Bambowo anavala jekete kukazitenga, n'kubwerako chimanjamanja. Opanga aja, pokonza cholakwa chawo, anali atasintha pampu ndi hedi yomwe pa mavaneti a chaka chachiwiri. Mabowo a mabawuti sankagwirizana ndi injini yathu. Za chaka choyamba anali atasiya kupanga. Ndiye kuti yosiyidwa ija inali yathu, yatsopanoyo.

Pamenepo n'kuti zakale zija zikungoyenda. Zinkadutsa pakhomo pathu zitasenza makala, chitseko chobiriwira, boneti yoyera, utsi kumbuyo. Zofooka zake zonse anali atazikonza kalekale m'zaka zambiri zomwe anazipanga, ndipo makanika aliyense wa pansi pa mtengo ankazidziwa ngati m'thumba mwake. Koposa apo, zinali ndi akufa ake. Mu Lusaka wa nthawi imeneyo galimoto sinkadya za m'sitolo, inkadya zinzake zakufa. Kuseri kwa Chibolya, ku Matero, ku Chawama, kunali mitembo ya zakalezo yosawerengeka, munthu n'kungopita ndi sipanala. Makanika wina wa kutchalitchi kwathu anayesa kuwotcherera hedi yathu, inang'ambikanso pomwepo. Anayeza ngati injini yakale ingalowe, koma inkafuna giyabokosi yake ndi zina zambiri zomwe sitikanazikwanitsa. Anapukuta manja n'kunena mwaulemu:

"Ba mdala, iyi motoka ilibe bakufa bake. Muzayembekeza ina ife."

Ndipo tinayambadi kudikira kuti ina ife. Ichi ndicho chimandiwawa kwambiri ndikakumbuka. Amuna anga, mkulu wa mpingo, munthu amene sankatha kupha nkhuku, anayamba kufunsa madalaivala pasiteshoni ngati kwachitika ngozi. Akamva kuti vaneti yagubuduzika, funso loyamba silinali la anthu. Tsiku lina anamva za ina pamsewu wa ku Kafue, anakwera basi m'mamawa. Madzulo anakhala pampando osavula nsapato.

"Mwaipeza?" ndinafunsa.

"Naipeza. Dalaiva anafa. Ni ya chaka chachibili."

Sindinadziwe kuti mwa ziwirizo chawakhumudwitsa n'chiti, ndipo ndikhulupirira iwonso sanadziwe. Ndinachita mantha ndi zomwe tinkasanduka.

Ndinawapempha kuti tingokwera basi. Ndinalankhula mofatsa, ndinakalipa, ndinagona choyang'ana kukhoma. Iwo ankati kumudzi akadya chiyani opanda vaneti, munthu amene sanagwire khasu kuyambira unyamata? Nanga angaisiye ndi yani, poti usiku umodzi wokha ikanatsala mafupa? Anaikweza pa zidina kuti matayala asawole, matayalawo n'kuwalowetsa kuchipinda kwathu. Loweruka lililonse ankaitsuka. Ine ndinkasoka mayunifolomu kuti tidye, makina nditawakweza patebulo chifukwa cha madzi, vaneti ikunditchingira kuwala pawindo. Mvula inabwera n'kupita kangapo. Kumudzi anasiya kufunsa.

Kenako kunabwera bambo wina wa ku Ndola, wovala bwino, Chinyanja chake chopendekera ku Chibemba. Nayenso anali ndi ya chaka choyamba. Yake hedi inali yamoyo, koma difu, giya ya mawilo akumbuyo, inali itatha mano. Anali atafunsa m'magaraja onse mpaka wina anamulozera kwathu.

"Baniuza ati ku Kanyama kuli yakufa," anatero.

"Siinafe," anayankha amuna anga. "Iyembekeza chabe hedi."

Mlendoyo sanatsutse. Anayang'ana udzu womwe unamera pansi pake, n'kupempha madzi akumwa. Anakhala pamthunzi masana onse, munthu waulemu, wodziwa kudikira ngati ife tomwe. Mwezi umenewo mwana wathu wamkulu anali atasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale bulangete loti apite nalo. Dzuwa litapendeka ndinamva amuna anga akuitanitsa sipanala. Analowa okha pansi pa vaneti kukamasula difu, osalola mlendoyo kugwira bawuti ndi imodzi yomwe.

Mbiri inayenda. Eni mavaneti a chaka choyamba anali ochepa, koma onse anali pa vuto ngati lathu, ndipo anayamba kufika, wa ku Kabwe, wa ku Mazabuka, wina wa ku Chipata kwenikweniko. Galasi lakutsogolo linapita, sitata, rediyeta, zitseko. Bambowo sankagulitsa ziwiri pakamodzi. Ankati n'zosowa, mtengo ukwera, ndipo apanso sankanama. Tinayamba kudya vaneti yathu pang'onopang'ono.

Tsiku lina mitambo itayambanso kuda, ine ndikusanja zidina pakhomo, ndinawauza kuti tsopano palibe chotidikiritsa, tigulitse zotsalazo kwa munthu mmodzi tizipita. Anandiyang'ana modabwa, nsanza yopukutira ili m'manja.

"Manje bakasitoma bazatipeza bwanji ku Katete?"

Ndinadikira kuti aseke, koma sanaseke. Ndinapitiriza kusanja zidina mpaka kuchimbudzi.