Chaka chimene ndinakweza mchere

Golosale yanga ili m'mudzi, pambali pa msewu wochoka ku Nsaru kupita ku Kabudula. Ndi kachipinda kamodzi, ndipo ndinakatsegula ndi ndalama za ng'ombe imene malemu amuna anga anandisiyira. Mpamba wake ukatha, palibenso ng'ombe ina yoti ndingagulitse. Ichi ndimachidziwa m'mawa uliwonse ndikamachotsa loko.

Chaka chimene kwacha inagwa mphamvu, ndinapita ku Lilongwe kukaoda ndi ndalama zomwe ndinkatenga nthawi zonse. Katundu amene ankadzaza kabaza mpaka wopalasa kudandaula, tsiku limenelo anakwana m'makatoni awiri. Ndinabwerera mtima uli m'mwamba. Ndikapanda kukweza mitengo, ulendo wotsatira ndikabwera ndi katoni imodzi.

Ndinakweza zonse mofanana, kuti pasakhale wonena kuti ndakondera. Kenaka ndinakhala pampando n'kumadikira.

Woyamba kundikana anali mafuta ophikira. Ndimawamanga m'timapepala ta pulasitiki n'kutipachika pa msomali, ndipo kale tinkatha tsiku lomwelo. Tsopano tinangolendewera, kumandiyang'ana. Inali nyengo yokumba mtedza, khomo lililonse mtondo ukulira. Mayi wina woyandikana nane anafunsa mtengo, n'kuseka.

“Asiyeni akhale pomwepo, amayi. Nsinjiro zilipo, ndiwo zikoma basi.”

Buledi ndiye anandichititsa manyazi. Mbatata inali mbwee m'minda, ndani akanalimbana ndi buledi wodula? Anachita nkhungu pashelefu, ndinapatsa nkhumba za eni. Zakumwa za m'mabotolo zinatuwa ndi fumbi, anthu akumwa thobwa. Pa zinthu zimenezi ndinkapeza zochepa kuposa ndisanakweze, chifukwa phindu pa chimodzi linakula koma ogula anathawa ambiri.

Koma mchere unkayenda ngati palibe chachitika. Machesi chimodzimodzi. Sopo anthu ankang'ung'udza, ena n'kupempha kuti ndiwadulire theka, koma ankagulabe. Munthu amene ankatenga kambale ka mchere ankatengabe kambale komweko. Ankatukwana boma, n'kulipira.

Ndinaziganizira masiku ambiri, chakudya chosalowa. Ndinaona kuti munthu amathawa mtengo ngati ali ndi kothawira. Mafuta ali ndi nsinjiro, buledi ali ndi mbatata, ndipo chakumwa cha m'botolo palibe anafapo chifukwa chochisowa. Nanga mchere ungausinthe ndi chiyani? Komanso ndi kanthu kotchipa, kogula kamodzi n'kudya masiku angapo, ndiye ngakhale ukwere sutha ndalama za pakhomo ngati mafuta.

Apa maganizo anabwera amene sindinawakonde. Nditsitseko mafuta ndi buledi mpaka phindu litsale lochepa, kuti ziyambe kuyenda, ndipo chotsalacho ndichipeze pa mchere, machesi ndi sopo.

Mantha anga anali a ku Nsaru. Anthu sangasiye mchere, koma mchere wanga angathe kuusiya. Pa msika paja magolosale ali mondondozana, ukakweza pang'ono munthu amangosuntha phazi. Chondithandiza ine chinali mtunda basi. Ndinafunsa mtengo wa kabaza, n'kuona kuti ndikakweza mosapitirira, palibe angalipire ulendo chifukwa cha kambale ka mchere. Koma tsiku la msika amapitako ndithu, ndipo akanakaona kusiyana kwakukulu akanagula wa mwezi wonse. Choncho mchere ndinaukwezanso pang'ono, mafuta ndi buledi n'kutsitsako.

Timapepala ta mafuta tinayamba kuchepa pa msomali, ngakhale sitinafike pakale. Malonda a mchere sanabwerere m'mbuyo. Ulendo wotsatira ndinabwera ndi makatoni atatu, ndipo ndinapumako.

Loweruka lina kunabwera mayi wachikulire wa mumphakati mwathu, amene timapemphera limodzi. Ndi wamasiye ngati ine, ndipo ndi amene anandigwira dzanja pa maliro a amuna anga. Anaika pakauntala kapepala ka shuga, kenaka anati ndiwapimire mchere. Nditatchula mtengo anamasula mfundo ya pachitenje, n'kuyang'ana zimene zinalimo nthawi yaitali.

“Wakweranso, eti?”

“Eya, amayi. Zinthu zavuta.”

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangokankhira shuga uja kwa ine mwaulemu.

“Uyu bwezerani. Phala adzukulu amwa lopanda shuga, azolowera. Koma ndiwo zopanda mchere sangadye.”

Ndinawapimira kambale kodzaza mpaka kutayikira, ngati zimenezo zingakonze kanthu. Anathokoza, n'kumapita pang'onopang'ono.

Golosale ilipo mpaka lero, ndipo anthu amati ndine mayi wodziwa bizinesi. Ine ndikamva choncho ndimaona kapepala ka shuga kaja, ndikukabwezera pashelefu ndi dzanja langa.