Wotchi ya m'golosale mwathu

Golosale yathu ya pa Lirangwe ndinkaiyendetsa ndekha mpaka pamene mimba ya mwana wachitatu inayamba kundilepheretsa kuwerama pathumba la mchere. Bambo akunyumba ankagwira ntchito yonyamula katundu kubwalo la ndege ku Chileka, ndipo ankabwera Loweruka lokha panjinga. Ndinkafuna munthu womusiyira sitolo ndikapita kukachira, apo ayi tikanangotseka, makasitomala n'kuzolowera kwina.

Abale anadzipereka ambiri, koma ndinawakana. Chibale ndi fupa, sichiola: m'bale akadya shuga wa m'sitolo sungamuchotse, umangomwetulira mtima ukuwawa. Ndinalengeza kutchalitchi kuti ndikufuna munthu wapadera, woti ndimufunse mafunso, agwire tsiku limodzi ndione. Alamu anga anati ndayamba uzungu.

Anabwera mayi wina wamasiye wa kwa Kuntaja, amene ankakhala kwa abale ake pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anali wamtali, wosaseka, wa maso oyendayenda. Sindinamukonde. Ndinamukhazika pabenchi n'kuyamba mafunso.

"Munagulitsako malonda, achemwali?"

"Mandasi ndi tomato, pamsika wa Chileka."

"Atabwera mwana wanga kuti mumupatse siwiti, mungatani?"

"Ndingamuuze akapemphe kwa inu."

"Nanga mnzanu wa kutchalitchi atafuna sopo pangongole?"

"Sopoyo si wanga, mayi."

"Mutadwala?"

"Ndingatume munthu m'mawa, musanatsegule."

Mayankho onse anali abwino, ndipo n'zimene zinandidetsa nkhawa. Munthu wosalakwitsa ngakhale pamodzi amakhala kuti wachita kuphunzitsidwa. Funso lenileni linali limodzi, koma silinkafunsika masiku amenewo: kodi zimene muzimva muno muzikazitula kuti? M'sitolo anthu amayiwala pakamwa. Wina adandaula za mtengo wa feteleza, wina za khadi la chipani limene wagulitsidwa kawiri, ndipo mawu otere akafika kolakwika, wotsekeredwa sitolo ndiwe mwini wake. Ntchito ya bambo kubwalo la ndege nayo ikanathera pomwepo.

Ndinamuuza malipiro, nthawi yotsegula ndi yotseka, ndi kuti abwere Lolemba adzagwire tsiku loyesa, lomwe ndidzamulipire ndithu kaya ndimulemba kaya ayi.

Lolembalo ndinakhala pampando kuseri kwa kauntala ngati ndikuluka juzi ya mwana, koma maso ali pa iye. Shuga ankayeza mpaka sikelo itakhazikika, chala osachisiya pambale. Palafini ankathirira panja, n'kusamba m'manja asanagwire buledi. Ndinatuma mnansi wanga kuti adzapemphe machesi pangongole mochonderera, ndipo anabwezedwa mwaulemu mpaka iye yemwe anatuluka akuseka. Ntchito ankaidziwa. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti kasitomala akangotuluka, maso ake ankathamangira kukhoma la kumbuyo kwanga.

Cha kumasana ndinatembenuka kuti ndione chimene chinali kumeneko. Loweruka bambo anali atabwera ndi wotchi yapakhoma imene mzungu wina wobwerera kwawo anawasiyira. Anaikhomera madzulo, monyadira, pambali pa chithunzi cha Pulezidenti, poti izioneka kuchokera pakhomo. Msomali anaukweza. Mutu wa wotchiyo unapitirira chithunzicho ndi zala zochepa chabe, koma ndi mwana yemwe ankadziwa kuti palibe chinthu chinkaloledwa kukhala pamwamba pa chithunzi chimenecho. Ine ndi kutopa kwanga sindinaone.

Kuichotsa iye akuona kunali kuvomera mlandu. Komanso ndi mimba imeneyo ndikanakwera bwanji pasitulo? Ndinangopitiriza kuluka, ulusi ukusokonekera.

Kenaka anapempha kuti atuluke pang'ono. Ndinasuzumira pazenera, ndipo ndinamuona tsidya la msewu, pansi pa mtengo, akulankhula ndi mwamuna wa malaya ofiira, mmodzi wa aja ankaima pachipata cha msika kufunsa makadi a chipani. Ankalankhula chapansipansi, mwamunayo akuyang'ana kusitolo kwanga. Mumtima ndinati basi, zanga zada. Ndinadziikira ndekha njoka m'dengu, n'kuilonjezanso malipiro.

Atabwerera ndinamufunsa ngati sindikusamala. "Mumadziwana nawo aja?"

"Ndi achimwene anga. Amafunsa ngati ntchito ndaipeza. Ati abwera adzagule fodya."

Anatenga tsache, n'kundiyang'ana mapazi.

"Mayi, miyendo yanu yatupa. Kagoneni pang'ono kuseriko, ndisese muno mulibe anthu."

Chinthu chimodzi chimene ndinalumbira kuti sindichita tsiku loyesa chinali kumusiya yekha m'sitolo. Koma ndinadzuka n'kupita, poti kukhala pansi pa wotchi ija kunali kutandikanika. Ndili pamphasa ndinamva situlo ikukokedwa, kenaka kugogoda, ngati munthu akukhoma ndi mwala wa sikelo. Sindinatuluke.

Nditabwerera, wotchi inali itatsikira pafupi ndi shelefu ya sopo, chithunzi chitapukutidwa, bowo la msomali litamatidwa ndi kasopo. Iye ankalongedza machesi. Ine ndinabwerera pampando wanga n'kutenga zoluka zija. Achimwene ake aja anabweradi, anaponya maso kukhoma monga ankachitira paliponse, anagula ndudu zawo, n'kundifunira uchembere wabwino.

Madzulo ndinamulipira tsiku lake n'kumuuza kuti ayambe mawa. Bambo atamva Loweruka anati tapeza mngelo. Ine ndinati tapeza munthu amene watigwira pakhosi. Akudziwa zimene zinali pakhoma paja, ali ndi mchimwene wa malaya ofiira, tingamuchotse bwanji? Ndinamusiyira makiyi popita kukachira, ndipo ndinapeza zonse zili m'malo mwake. Komabe zaka zonse zimene tinagwira limodzi, m'sitolo yangayanga ndinkalankhula za mvula ndi matenda a ana basi. Kasitomala akayamba kudandaula, tonse awiri tinkathamangira kukweza wailesi, nthawi zina manja athu n'kugundana pamenepo.

Zinthu zitasintha m'dziko, tsiku lina tinatsitsa chithunzi chija. Iye ndiye anakwera pasitulo, tsitsi lake litayamba imvi. Ali pomwepo analoza ka bowo komatidwa kaja, n'kuseka. Sindinkadziwa n'komwe kuti ali ndi mpata kumano.

"Mayi, ndifunseko lero. Wotchi ija munachita kuiika dala eti?"

"Dala? Kuti ndimangidwe?"

"Ine ndinkati ndi mayeso, ngati machesi a ngongole aja. Amuna anu ogwira ntchito kubwalo la ndege, komwe kumadutsa akuluakulu, inu mafunso ngati kupolisi. Ndinati mayi awa akufuna aone ngati ndiisiye pomwepo, akandinenere. Zaka zonsezi ndimakuopani."

Ndinakhala pathumba la mchere. Ndinkafuna kuseka naye, koma chimene chinabwera chinali chisoni. Munthu uyu anandiberekera ana kumbuyo, anandiphikira phala ndikudwala, anagona pasiwa pa mayi anga, ndipo sindinamuuzepo ngakhale kamodzi chimene chinali kukhosi kwanga.

"Tsikanitu, achemwali," ndinatero, "mungagwe."

Anatsika, n'kundifunsa koti aike chithunzicho. Ndinamuuza kuti achisiye pakauntala, ateleke kaye tiyi, makapu awiri.