Mutu wa Galafu ya Katemera

Akalaliki a pachipatala chathu amachedwa pa mutu wa galafu kuposa pojambula galafuyo. Tsiku lina ndinawapeza akufufuta mutu woti "Katemera, Januwale–Juni."

"Koma bambo, si zoona zimenezo?" ndinafunsa.

"N'zoona, anamwino, koma sizikunena kanthu."

Analemba kuti, "Ana obayidwa katemera achepa ndi theka kuyambira Epulo." Pansi pa galafu anawonjezera kuti manambalawo ndi a m'kaundula wa ana osakwana chaka, ndipo Epulo ndi mwezi umene sikelo ya kumudzi inaima.

Akalaliki atamata galafuyo pabolodi, adokotala aakulu, amene amadutsa pabolodipo ngati mphepo, anaima chilili, tiyi n'kuwazizirira m'manja.

Lachiwiri lotsatira, galimoto ya sikelo inanyamukanso kupita kumudzi, ine ndili momwemo.